Chifukwa chake kuwala koyera kumajambula mizere yochepa

Mvula ikakata, pamalo okwerera minibasi pamatsala zithaphwi. Pa chithaphwi chimene padonthera mafuta a galimoto pamayandama mitundu ya utawaleza, kufiira, kubiriwira ndi pepo, pomwe mafutawo ali m'botolo alibe mitundu imeneyi. Thovu la sopo nalo limatero. Chimachitika n'chakuti kuwala kwina kumabwerera pamwamba pa mafutawo, kwina kumalowa n'kukabwerera pansi pake, ndipo mbali ziwirizi zikakumana m'diso zimathandizana kapena kuzimitsana. Nanga galasi la pawindo? Nalonso lili ndi nkhope ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo zonse zimabweza kuwala. Komatu ngakhale mutalipenyetsetsa tsiku lonse, simuonapo mitunduyo.

Funso limeneli ndi lakale. Isaac Newton anagunditsa magalasi awiri, lina lathyathyathya, lina lotukuka pang'ono pakati, kotero kuti mpweya wotsekeredwa pakati pawo unkanka nukhuthala kuchoka pamene agundana kupita m'mbali. Anaona mizere yozungulira yamitundumitundu, ndipo m'buku lake la Opticks la mu 1704 anafotokoza kuti ndi kuwala kwa masana ankatha kuwerenga mizere 8 kapena 9 yokha, kenaka zonse zinkangoyera. Atalowa m'chipinda cha mdima n'kuunikira magalasiwo ndi mtundu umodzi wa kuwala, anawerenga yoposa 20. Atayang'ana mizere ya kuwala koyera kudzera mu pulizimu, galasi la mbali zitatu lija lolekanitsa mitundu, anaona yoposa 40 pamalo pamene maso okha sankaonapo kanthu. Magalasi anali omwewo, mpweya womwewo. Chimene chinkasintha chinali kuwala.

Lero tikudziwa kuti kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu uliwonse uli ndi utali wa funde lake, ndiye kuti mtunda wochoka pamsonga ya funde limodzi kufika pamsonga ya lotsatira. Utaliwu amauyeza m'mananomita. Mukadula milimita imodzi m'zidutswa 1,000 mupeza maikulomita, ndipo mukadulanso maikulomita imodziyo m'zidutswa 1,000 mupeza nanomita. Tsitsi la munthu limakhuthala pafupifupi mamaikulomita 70. Kuwala kumene maso athu amaona kumayambira pa mananomita 400, kumene ndi kwa pepo, mpaka pa 700, kumene ndi kofiira. Mafunde awiri akakumana msonga ndi msonga, kuwala kumakula. Akakumana msonga ya lina ili m'chigwa cha linzake, amazimitsana ndipo pamada. Mizere yowala ndi yakuda imene tikukamba pano imabadwa motero.

Chida cha Michelson

Malo abwino oonera nkhaniyi ndi pa chida chimene Albert Michelson anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 1881, chotchedwa intaferomita. Kuwala kochokera pa nyale kumafika pa galasi lopendekeka limene limakugawa pawiri. Theka limapyola n'kutsata mkono umodzi, theka lina limakhotera ku mkono wachiwiri. Kumathero a mkono uliwonse kuli galasi lobweza kuwala. Mbali ziwirizo zimabwerera, n'kudzakumananso pa galasi logawa lija, n'kupita ku diso la woonera. Limodzi mwa magalasi obwezawo limasunthidwa ndi kabawuti ka mazinga aang'ono kwambiri. Popeza kuwala kumapita ndi kubwerera, mukasuntha galasilo ndi nanomita imodzi, njira yakula ndi mananomita awiri.

Chofunika pa chidachi ndi kusiyana kwa njira ziwirizo. Ngati zili zofanana ndendende, mbali ziwiri za funde zimafika nthawi imodzi. Ngati njira ina yatalika, mbali imodzi imachedwa, ndiye kuti funde likukumana ndi mmene linalili kanthawi kapitako. Choncho chidachi chimafunsa kuwala funso limodzi: kodi mmene ukugwedezekera panopa zikugwirizana ndi mmene unkagwedezekera posachedwapa? Akatswiri amatcha kugwirizanaku kohirensi. Nthawi yaitali kwambiri imene funde lingachedwe koma n'kugwirizanabe ndi linzake ndiyo nthawi ya mgwirizano, ndipo mtunda umene kuwala kumayenda m'nthawi imeneyo ndiwo mtunda wa mgwirizano.

Tiyeni tiyatse nyale yoyera, tiyambe ndi njira zofanana, kenaka tizipotokola kabawuti pang'onopang'ono. Kuti masamu asatichulukire, titsate mitundu itatu yokha: buluu wa mananomita 450, wobiriwira wa 550 ndi wofiira wa 650.

Pamene njira zili zofanana, palibe mtundu umene wachedwa, choncho yonse imachita chimodzimodzi. Tinene kuti yonse yawala, ndipo tikuona mzere woyera. Tikapotokola pang'ono, mtundu uliwonse umazima pamene kusiyana kwa njira kwafika theka la funde lake. Buluu azima pa mananomita 225, wobiriwira pa 275, wofiira pa 325. Malo atatuwa ayandikana ndithu, n'chifukwa chake mzere woyamba wakuda umaoneka wakudadi, kungoti m'mphepete mwake mumatsalira timitundu. Tikapitirira, buluu awalanso pa 450, wobiriwira pa 550, wofiira pa 650. Apa ayamba kale kutayana, ndipo mzerewu suyeranso ngati wapakati uja, umakhala ndi mbali yabuluu ndi mbali yofiira.

Ulendo wachiwiri zinthu zimasokonekera kwenikweni. Buluu amawala kachiwiri pa 900, pomwe wofiira amazima kachiwiri pa 975. Ndiye kuti pafupi ndi 950 wina ali pamsonga, mnzake ali m'chigwa. Patsogolo pang'ono, wofiira akuwala kachiwiri pa 1,300, buluu akuwala kachitatu pa 1,350, koma wobiriwira wazima pa 1,375, ndipo diso likuona mtundu wa pinki wakupsa. Kuyambira pamenepa palibenso malo amene mitundu yonse imazimira pamodzi, choncho mdima weniweni sudzaonekanso. Pofika apa, galasi lobweza lasuntha mananomita osakwana 700 okha, gawo limodzi mwa magawo 100 a kukhuthala kwa tsitsi.

Tsono tidumphe, tifike pamene njira zasiyana ndi mananomita 10,000. Apa sitingatsate mitundu itatu yokha, chifukwa kuwala koyera kuli ndi utali uliwonse pakati pa 400 ndi 700. Utali umene umawala ndi umene umalowa mu 10,000 popanda chotsala. Wa 400 umalowa ka 25, wa 500 ka 20, wa 625 ka 16, wa 667 ka 15. Mukawerenga bwino mupeza mautali 11 owala, ndipo pakati pa awiri alionse pali wina wozima. M'kufiira muli owala ndi ozima, m'kubiriwira chimodzimodzi, mu buluu chimodzimodzi. Diso limaphatikiza zonsezo n'kuona kuyera kwa mbee, kopanda mzere.

Mfundo imene ndikufuna isaphonyeke ndi iyi. Pamenepa mafunde sanaleke kuthandizana ndi kuzimitsana. Utali uliwonse ukujambulabe mizere yake, kungoti mizere ya uwu yagwera pa mipata ya winawo. Umboni wake ndi wosavuta kuupeza. Mukadutsitsa kuwala koyera kochoka m'chidacho mu pulizimu, utawaleza umene utuluke umakhala wodukaduka ndi timipata takuda, kampata kalikonse pamalo pa utali umene wazima. Izi n'zimene zinathandiza Newton kuona mizere yoposa 40: pulizimu yake inasiyanitsa mizere imene inasanjikizana.

Zili ngati gulu la anthu oyamba kuyenda pa mzere umodzi, onse ataponda phazi lamanzere nthawi imodzi, koma wina wa miyendo yaitali, wina yaifupi. Kuponda koyamba mapazi amamveka limodzi. Kwachiwiri ayamba kusiyana, ndipo pofika kwachisanu mukungomva chiphokoso chosalekeza, ngakhale kuti aliyense akuyendabe mwa dongosolo lake.

Kawerengedwe kake

Mtunda wa mgwirizano umapezeka ndi masamu aafupi. Tengani utali wapakati wa mafunde, muuchulukitse ndi iwo wokha, kenaka mugawe ndi kutambasuka kwa mautali amene ali m'kuwalako. Amalemba chonchi: L ≈ λ² / Δλ, pomwe λ ndi utali wapakati, Δλ ndi kutambasukako. Pa kuwala koyera, pakati ndi 550 ndipo kutambasuka ndi 300. Ndiye 550 kuchulukitsa ndi 550 ndi 302,500, kugawa ndi 300 tipeza mananomita pafupifupi 1,000, kapena kuti maikulomita imodzi. Izi zikugwirizana ndi zimene tinaona potsata mitundu itatu ija, kuti chisokonezo chinayamba chapafupi ndi 950. Mukafuna chiwerengero cha mizere, gawani utali wapakati ndi kutambasuka: 550 kugawa ndi 300 sizikwana n'komwe 2.

Chizindikiro cha ≈ sichinaikidwe mwangozi. Mizere sizimiririka pamalo amodzi ngati yadulidwa ndi mpeni, imanka nifooka. Mabuku ena amati mgwirizano watha pamene kusiyana kwa kuwala ndi mdima kwatsika kufika theka, ena amadikira kutsike kuposa apo, choncho mayankho awo amasiyana pang'ono. Chimene sichisintha n'chakuti mautali akatambasuka kawiri, mtunda umafupika kawiri.

Apa mupeza yankho la funso la pawindo. Mafuta oyandama pa chithaphwi akhoza kukhuthala mananomita 300. Kuwala kumadutsamo kawiri, ndipo m'mafuta kumachedwa pafupifupi kamodzi ndi theka poyerekeza ndi mumpweya, choncho njira zimasiyana ndi mananomita pafupifupi 900. Izi zili mkati mwa mtunda wa mgwirizano, ndipo mitundu imaoneka. Galasi la pawindo lokhuthala mamilimita 3 limasiyanitsa njira ndi mamilimita 9, komwe ndi kupitirira malire ka 9,000.

Wowerenga watcheru afunsa kuti, ngati masamu akunena mizere iwiri, bwanji Newton anawerenga 8 kapena 9? Yankho lili m'diso. Kachipangizo kongoyeza kuchuluka kwa kuwala, kosasiyanitsa mitundu, kamaonadi mzere wapakati ndi ina yochepa yofooka m'mbali mwake. Koma diso la munthu lili ndi mitundu itatu ya timaselo tomva kuwala, ndipo mtundu uliwonse umamva chigawo chake, chotambasuka mananomita pafupifupi 100. Ikani 100 m'malo mwa 300 m'masamu aja, mupeza mizere 5 kapena 6. Kuwonjezera apo, ubongo umayerekeza zimene timaselo tosiyanato tamva, ndipo umazindikira kusintha kwa mtundu ngakhale pamene kuwala konse sikukukwera kapena kutsika. N'chifukwa chake mizere yomalizira pa thovu la sopo siikhala yowala ndi yakuda, imangosinthana pinki wotuwa ndi kubiriwira kotuwa mpaka kusungunukira m'kuyera.

Nanga nthawi ikulowapo bwanji? Kuwala kumayenda mamita 299,792,458 pa sekondi. Kuti kuyende maikulomita imodzi kumafuna mafemutosekondi pafupifupi 3, ndipo femutosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000 a sekondi. Imeneyi ndiyo nthawi ya mgwirizano ya kuwala koyera. Funde lake limangogwedezeka kawiri mwadongosolo, kenaka sungathenso kulosera kuti msonga yotsatira ifika liti. Mabuku ambiri amafotokoza zimenezi ponena kuti kuwala kumabwera m'tizidutswa tatifupi, ndipo mbali imodzi ikachedwa kuposa utali wa kachidutswa imakakumana ndi kachidutswa kachilendo. Kufotokoza kumeneku ndi kuja kwa mitundu yosanjikizana n'chinthu chimodzi chonenedwa m'njira ziwiri, chifukwa funde losinthasintha msanga silingakhale la utali umodzi, ndipo kuwala kwa mautali ambiri sikungagwedezeke mwadongosolo kwa nthawi yaitali. Chenjezo langa n'lakuti tizidutswato tisatitenge ngati tinthu tenitweni toduka mbali zonse. Mukaika kagalasi kosefa kutsogolo kwa nyale yomweyo, kongolola mananomita 10 okha ozungulira 550, mtunda wa mgwirizano umakwera kufika mamaikulomita 30 ndipo mizere imakwana 50 ndi kupitirira. Nyale sinasinthe. Mwangochotsa mautali amene ankasokoneza.

Nyale zina zimafika patali. Kababu kofiira ka LED ka mananomita 630, kotambasuka 20, kali ndi mtunda wa mamaikulomita pafupifupi 20, mizere ngati 30. Leza wamba ya heliyamu ndi neoni ya m'malabu a sukulu, ya mananomita 632.8, imafika masentimita pafupifupi 20.

Mizere yozimiririka n'kubweranso

Nyale ya sodiyamu, imene imawala chikasu ngati mchere woponyedwa pamoto, ili ndi khalidwe lake limene linazindikiridwa ndi Hippolyte Fizeau wa ku Faransa mu 1862. Iye ankatalikitsa pang'onopang'ono magalasi opanga mizere ya Newton n'kumawerenga mizere ikudutsa. Atayandikira 500, mizere inafooka mpaka kusowa. Atapitiriza, inabweranso, ndipo chapafupi ndi 1,000 inali yooneka bwino ngati poyamba. Chifukwa chake n'chakuti chikasu cha sodiyamu ndi mautali awiri oyandikana, 589.0 ndi 589.6. Pa gulu la oyenda lija, awa ndi anthu awiri okha a miyendo yosiyana pang'ono: amatayana, koma patsogolo wina amakhala wapitirira mnzake ndi kuponda kumodzi kwathunthu, ndipo mapazi amagwirizananso. Khamu la anthu mazana silingabwererenso pamodzi motero, n'chifukwa chake mizere ya kuwala koyera ikapita yapita.

Masamu aja amagwiranso ntchito pano. 589.3 kuchulukitsa ndi iwo wokha, kugawa ndi 0.6, tipeza mamilimita pafupifupi 0.58. Pa chida cha Michelson, mizere ya sodiyamu imasowa nthawi iliyonse galasi likasuntha mamilimita 0.29 kuchoka pamene inasowera komaliza. Wophunzira amene sakudziwa izi amaganiza kuti wagwedeza chida n'kuyamba kukonza magalasi amene analibe vuto. Michelson anasandutsa khalidweli kukhala muyeso. Poona mmene mizere imafookera njira zikamasiyana, ankadziwa mmene kuwala kwapangidwira, ndipo mwa njira imeneyi anaonetsa kuti kufiira kwa haidulojeni, kumene kunkaoneka ngati utali umodzi, kuli pawiri.

Kusaka mizere yoyera

Aliyense amene anayesapo kupeza mizere ya kuwala koyera pa chidachi amadziwa kuti ndi ntchito yofuna kuleza mtima. Galasi liyenera kukhala mkati mwa mamaikulomita awiri kapena atatu pa njanji yotalika masentimita angapo. Mukamaliyendetsa pa liwiro la milimita imodzi pa masekondi 10, limene dzanja limaliona ngati lochedwa, malo onsewo mumawadutsa m'gawo limodzi mwa magawo 40 a sekondi. Mungaphethire kamodzi, mizere yadutsa.

Choncho sayamba ndi nyale yoyera. Amayamba ndi rula, kuyeza mikono iwiri kuti ifanane mpaka pa milimita. Kenaka amayatsa sodiyamu kapena leza n'kuwongola magalasi mpaka mizere yozungulira itaoneka. Akamapotokola kabawuti molondola, mizereyo imalowa pakati n'kuzimiririka umodziumodzi, ndipo yotsalayo imanka nikula ndi kuchepa. Ikamatuluka pakati n'kuchulukana, mukupita kolakwika. Zikafika poti mzere umodzi wadzaza pafupifupi malo onse oonera, amapendeketsa galasi limodzi pang'ono kuti mizere ikhale yoimirira. Mizereyi imakhala yopindika, ndipo imawongoka pamene njira zafanana, kenaka n'kupindikira mbali ina mukapitirira. Pamalo owongokapo ndi pamene amayatsa nyale yoyera, nthawi zambiri osazimitsa sodiyamu, kuti aziona liwiro limene mizere yachikasu ikudutsa. Kuyambira apo amapotokola mbali imodzi yokha, chifukwa kabawuti kali ndi mpata m'mazinga ake ndipo mukabwerera m'mbuyo kamazungulira kaye osasuntha galasi. Mwadzidzidzi pamatulukira kagulu ka mizere yamitundu, pakati pake pali umodzi wopanda mtundu. Pa zida zina wapakatiyo ndi woyera, pa zina ndi wakuda, malinga ndi zimene anamata pa galasi logawa.

Pali cholakwika chimodzi chimene chingakusakitseni mpaka dzuwa kulowa. Pa chida cha mtundu wakale, kuwala kwa mkono umodzi kumadutsa m'thupi la galasi logawa katatu, kwa mkono winawo kamodzi. Galasi limachedwetsa buluu kuposa kufiira. Kusiyanako n'kochepa, pafupifupi mamilimita 0.008 pa milimita iliyonse ya galasi, koma pa mamilimita 10 a galasi lowonjezera kumasanduka mamaikulomita 80. Ndiye kuti palibe malo alionse a kabawuti pamene njira zingafanane kwa mitundu yonse nthawi imodzi. Michelson anathetsa vutoli poika galasi lachiwiri, lofanana ndi logawalo pa mtundu ndi kukhuthala, mu mkono woperewerawo. Ngati sodiyamu ikupereka mizere yokongola koma nyale yoyera sikupereka kanthu, yambani mwaona ngati galasi lolinganizali lilipo ndiponso ngati laima mofanana ndi linzake.

Tiyeneranso kusiyanitsa vutoli ndi lina limene limafanana nalo. Pa kuyesa kwa Thomas Young, kumene kuwala kumadutsa pa timing'alu tiwiri toyandikana, mizere imathanso kusowa chifukwa nyale ndi yaikulu kwambiri. Limenelo ndi vuto la kukula kwa gwero, osati la nthawi. Kuzindikira kwake n'kotere. Ngati mizere yapakati ili yakuthwa koma yam'mbali ikufooka ndi kutenga mitundu, vuto ndi kutambasuka kwa mautali, ndipo kagalasi kosefa kachulukitsa mizere. Ngati yonse, ngakhale wapakati, ili yofooka mofanana, vuto ndi kukula kwa nyale, ndipo kusefa sikungathandize. Pamenepo mankhwala ndi kuchepetsa kabowo kolowera kuwala kapena kuitalikitsa nyaleyo.

Chifukwa chake Michelson ankaifuna

Mungadabwe kuti munthu angadzivutitsirenji ndi mizere yochepa chonchi pomwe sodiyamu ikupereka mazanamazana. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene nkhaniyi imakoma. Mizere ya mtundu umodzi ndi yofanana yonse. Galimoto kapena ngolo ikadutsa panja, chida n'kunjenjemera, simungadziwe ngati mzere umene mukuona ndi womwe uja kapena woyandikana nawo. Mizere ya kuwala koyera ili ndi umodzi wosiyana ndi yonse, ndipo umenewo umasonyeza malo amodzi okha, pamene njira zafanana.

Mu 1887, mumzinda wa Cleveland ku America, Michelson ndi Edward Morley anamanga chida chawo pa mwala waukulu woyandama pa mekyule, n'kubwezabweza kuwala pa magalasi ambiri mpaka njira ya mkono uliwonse inakwana mamita 11. Ankafuna kuona ngati kuyenda kwa dziko kumasintha liwiro la kuwala, ndipo ankayembekezera kuti mizere isuntha ndi magawo 4 mwa 10 a mzere umodzi chidacho chikamazungulira. Anagwiritsa ntchito sodiyamu pongowongola magalasi. Poyeza penipeni anabwezeretsa kuwala koyera, ndiye kuti anayenera kulinganiza njira ziwiri za mamita 11 mpaka kusiyana kwake kutsike kufika pa mamaikulomita ochepa. Kusuntha kumene ankayembekezera sikunaoneke, ndipo zotsatirazi zinakhala gawo la mbiri imene inafikitsa ku chiphunzitso cha Einstein cha mu 1905.

Ntchito imene imaonetsa bwino kwambiri ubwino wa mizere yochepayi ndi ya mu 1892 ndi 1893, ku likulu la miyeso la mayiko onse ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Michelson, pothandizana ndi René Benoît, ankafuna kudziwa kuti m'mita imodzi mumalowa mafunde angati a kuwala. Anasankha kufiira kwa kadimiyamu, kwa mananomita 643.8, chifukwa mwa nyale zimene anayesa mizere yake inkafika patali osasokonekera. Komabe sikukanatha kufika mita yathunthu, imene pa chidachi ndi kusiyana kwa mamita awiri. Maatomu a m'nyale amathamanga, ena kuyandikira, ena kutalikira, ndipo amagundana. Zonsezi zimatambasula utali wa funde pang'ono, n'kufupikitsa mtunda wa mgwirizano.

Anachita chonchi. Anapanga miyeso 9, uliwonse uli kachitsulo konyamula magalasi awiri, lina patsogolo, lina kumbuyo. Waufupi kwambiri unali wa mamilimita 0.39, wotsatira uliwonse unkaposa mnzake kawiri, mpaka wautali wa masentimita 10. Pa waufupiwo anawerenga mizere ya kadimiyamu umodziumodzi, yoposa pang'ono 1,200. Kenaka anayerekeza muyeso uliwonse ndi wotsatira pousuntha ndi utali wake womwe. Nanga ankadziwa bwanji kuti galasi lakumbuyo lafika ndendende pamene panali lakutsogolo? Ankayatsa kuwala koyera. Mzere wapakati ukaonekera pamalo ake, galasilo lafika, mosaphonya ngakhale ndi funde limodzi. Pomaliza anayendetsa muyeso wa masentimita 10 maulendo 10 motsatira mita, ulendo uliwonse akudalira mizere yoyera. Anapeza kuti m'mita muli mafunde 1,553,163.5 a kufiira kwa kadimiyamu. Kuwala kwa mtunda wautali kunawerenga, kwa mtunda waufupi kunasonyeza poima. Mu 1907 Michelson analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha zida zake ndi miyeso yotereyi, ndipo mu 1960 mayiko anagwirizana kuti mita izitanthauziridwa ndi mafunde a kuwala, pogwiritsa ntchito kiripitoni.

Nzeru yomweyi lero ili m'zipatala za maso. Makina otchedwa OCT, amene gulu la James Fujimoto ku MIT linawafotokoza mu 1991, ndi intaferomita imene mkono wake umodzi ndi diso la wodwala. Amasankha dala nyale ya mautali otambasuka. Kuwala kumabwerera kuchoka pa tizigawo tosiyanasiyana ta kumbuyo kwa diso, koma mizere imapangidwa ndi kokhako kumene njira yake yafanana ndi ya mkono winawo. Pa makina oyambirira ankasuntha galasi kuti aone kagawo kamodzikamodzi. Ambiri a masiku ano galasi silisuntha, amalekanitsa mautali n'kuwerenga timipata takuda tija, ndipo kuyandikana kwa timipatato kumawauza kuya kwa kagawo kalikonse. Nyale ya mananomita 840 yotambasuka 50 ili ndi mtunda wa mamaikulomita 14, ndipo popeza kuwala kumapita ndi kubwerera, makinawo amasiyanitsa tizigawo totalikirana mamaikulomita 6 kapena 7. Wopanga makina akafuna kuona tizigawo topyapyala kuposa apo amatambasula nyale kufika 100, koma akatero vuto la galasi lochedwetsa mitundu mosiyana limakula, ndipo tsopano madzi a m'diso lomwelo nawo amachita chimodzimodzi. Amalithetsa poika galasi kapena madzi ofanana mu mkono winawo, kapena pokonza ndi masamu pa kompyuta.